Ndalama Zadulidwa mu Akaunti Inu Osadziwa: Kalata Yopempha Banki Kuti Izibweze

(Nyimbo yotsegulira)

Lero tikambirana za kalata imodzi yokha. Iyi ndi kalata imene munthu amalembera banki yake akapeza kuti mu akaunti yake yosungira ndalama mwachoka ndalama zimene iye sanalamule kuti zichoke. Tiyamba ndi kuona mmene mungadziwire ngati ndalamazo zadulidwadi molakwika. Kenako ndikuwerengerani kalatayo, mzere ndi mzere. Pomaliza tikambirana zochita ngati banki yakhala chete kapena yakana. Ngati muli ndi cholembera ndi kapepala pafupi, zitengeni.

Mfundo yaikulu ya lero ndi iyi, ndipo muimva kangapo: kalata yabwino imaloza ndalama zenizenizo, tsiku lake ndi kuchuluka kwake, imanena mosapita m'mbali kuti ine sindinavomereze, ndipo imapempha banki kuti ionetse pamene munavomerezapo kapena ibweze ndalamazo.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyerekeze kuti pali mayi wina wogulitsa mbatatesi pa msika wa Lizulu ku Ntcheu. Mayiwa ali ndi akaunti ku banki ina, ndipo akapeza kangachepe amakaika kumeneko kuti ikadzafika teremu yatsopano adzalipirire mwana wawo wa ku sekondale. Tsiku lina m'mwezi wa Malichi afunsa pafoni ndalama zotsala, ndipo aona kuti sizikugwirizana ndi zimene analemba m'kope lawo. Zapelewera ndi ndalama zoposa K20,000. Iwo sanatape. Khadi ili m'chikwama, nambala yachinsinsi sanauze munthu.

Apa anthu ambiri amathamangira ku banki mtima uli m'mwamba, n'kukafikira kuuza wa pa kauntala kuti, "Mwandibera ndalama." Ululu wake ndi womveka, chifukwa ndalama ya geni imapezeka ndi thukuta. Koma mawu amenewa sapatsa wa pa kauntala poyambira. Afufuza chiyani? Ndalama ziti? Za liti? Choncho chinthu choyamba chimene mayiwa achite si kulemba kalata ayi. Choyamba ndi kupempha sitetimenti.

Sitetimenti ndi pepala limene limaonetsa ndalama iliyonse imene yalowa ndi imene yatuluka mu akaunti yanu. Ilipo yaifupi imene mumaipeza pafoni kapena pa makina a ATM, koma imeneyo imangoonetsa zochitika zochepa zaposachedwa. Pa nkhani ngati iyi pemphani yaitali, ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Mabanki ambiri amalipiritsa akasindikiza pepalali, choncho funsani mtengo wake musanapemphe, ndipo funsaninso ngati angakutumizireni pa imelo.

Mukailandira musaipinde n'kuika m'thumba. Khalani pansi muiwerenge ndi chala. Sitetimenti zimalembedwa m'Chingerezi, koma mawu ofunika kuwadziwa ndi ochepa. Pamwamba pa mzere wina palembedwa kuti Debit, kutanthauza ndalama zimene zatuluka. Pa wina palembedwa kuti Credit, ndalama zimene zalowa. Kumapeto kuli Balance, zotsala. Pambali pa ndalama iliyonse pali tsiku, pali mawu ochepa ofotokoza kumene yapita, ndiponso nthawi zambiri pali nambala yaitali yosakanikirana ndi zilembo, pansi pa mawu akuti Reference. Nambala imeneyo ndi dzina la kudulidwa kumeneko m'makompyuta a banki. Muisunge bwino, tibwereranso kwa iyo.

Mayi athu atsata ndi chala, ndipo apeza kuti pa 5 Januwale panachoka K8,000. Pa 5 Febuluwale panachokanso K8,000. Pa 5 Malichi chimodzimodzi. Mawu a pambali pake akutchula kampani ya inshuwalansi. Katatu, zonse pamodzi K24,000. Onani mmene sitetimenti yasinthira nkhani. Poyamba mayiwa amangodziwa kuti ndalama zasowa. Tsopano akudziwa kuti zikuchoka tsiku lomwelomwelo mwezi uliwonse, ndiye kuti mwezi wamawa zichokanso ngati sachitapo kanthu. Kudula kwa mtundu umenewu kuli ngati nankafumbwe m'thumba la chimanga: simumumva akudya, mumangodzaona ufa pansi. Ndicho chifukwa chake ine ndimalimbikitsa kuti mulembetse zoti banki izikutumizirani uthenga pafoni nthawi iliyonse ndalama ikachoka, ndipo uthengawo musamafufute.

(Nyimbo pang'ono)

Tisanafike pa kalata, pali funso limene mayiwa ayenera kudzifunsa moona mtima, ndipo inunso mudzifunse: kodi pali penapake pamene ndinavomereza zimenezi? Ndikufunsa chonchi chifukwa si ndalama iliyonse yodulidwa imene yadulidwa molakwika. Banki imadula ndalama yoyendetsera akaunti pa mitundu ina ya maakaunti. Imadula mukatapa pa makina, makamaka makina a banki ina. Pa chiwongoladzanja chimene akaunti yanu yapindula pamatha kuchoka msonkho wa boma. Ndipo ngati muli ndi ngongole ku banki yomweyo imene yadutsa nthawi, kapena munasainira mnzanu ngongole iye n'kulephera kubweza, mgwirizano umene munasaina ukhoza kupatsa banki mphamvu yotenga ndalama mu akaunti yanu. Zimenezi zimapweteka, koma kalata yoti "sindinavomereze" siingakuthandizeni pamenepo. Mitengo ya ntchito za banki amaipachika m'nthambi zawo. Pemphani kuti akuonetseni, muyerekeze ndi zimene zili pa sitetimenti.

Nanga ndalama ya inshuwalansi ngati ya mayi athuwa imachoka bwanji? Banki siyenera kupereka ndalama zanu ku kampani ina popanda lamulo lochokera kwa inu mwini akaunti. Lamulolo limakhala fomu imene munasaina, kapena kuvomera kumene munachita pafoni podina kuti inde. Ndiye ngati inu simukukumbukira zimenezi, pali zinthu zingapo zimene zingakhale zitachitika. Mwina wolemba anaphonya nambala imodzi ya akaunti, ndiye inshuwalansi ya munthu wina ikulipiridwa ndi ndalama zanu. Mwina wogulitsa inshuwalansi wosakhulupirika analemba dzina lanu pa fomu n'kusaina yekha kuti apezepo cholowa. Kapenanso, ndipo izi zimachitika kawirikawiri, pa tsiku lotsegula akaunti kapena lotenga ngongole anakupatsani mapepala ambiri, nati, "Sainani apa, ndi apa, ndi apa," ndipo limodzi mwa mapepalawo linali la inshuwalansi.

Inu muli kunyumba simungadziwe kuti mwa zitatuzi chachitika ndi chiti. Amene angadziwe ndi banki, chifukwa fomuyo ili kwa iwo kapena akhoza kuiitanitsa. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya kalata yathu. Simukangana nawo. Mukungonena kuti: ndionetseni pamene ndinasaina. Banki imasunga chitsanzo cha siginecha yanu chimene munapereka potsegula akaunti. Fomu ikabwera, dzina lake ndi siginecha yake zidzayerekezedwa ndi zanu, ndipo zoona zake zidzaonekera pomwepo.

Wina afunsa kuti, bwanji osangokafotokoza pakamwa? Kufotokoza pakamwa n'kwabwino, ndipo nthawi zina vuto limathera pomwepo. Koma dziwani kuti amene mwamupeza pa kauntala nthawi zambiri si amene amabweza ndalama. Nkhani yanu imatumizidwa ku likulu la banki, ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kwa munthu amene sanakuoneni nkhope ndipo sanamve mmene mumafotokozera. Chimene chimafika kwa iye ndi pepala. Komanso amene munalankhula naye lero akhoza kupita kutchuthi kapena kusamutsidwa, inu n'kudzayambiranso nkhani pachiyambi kwa munthu wina. Kalata imakulankhulirani inu kulibe, ndipo ili ndi tsiku limene palibe angalitsutse.

Tsopano mvetserani kalata ya mayi athu. Ndiiwerenga pang'onopang'ono, kenako tiiphwanya.

Pamwamba alemba dzina lawo lonse monga mmene lilili ku banki, keyala yawo, nambala ya foni, ndi tsiku limene akulemba. Pansi pake alemba kuti ikupita kwa a Manijala, dzina la banki, ndi nthambi imene anatsegulira akaunti. Kenako mutu wa kalata: Dandaulo la ndalama zodulidwa popanda chilolezo changa, n'kutsatiza nambala yonse ya akaunti. Ndiye kalata ikuti:

"Olemekezeka a Manijala,

"Ine ndine mwini akaunti yosungira ndalama imene nambala yake ndalemba pamwambapa. Nditawerenga sitetimenti yanga ndapeza kuti mu akauntiyi mwachoka ndalama katatu kupita ku kampani ya inshuwalansi: K8,000 pa 5 Januwale, K8,000 pa 5 Febuluwale, ndi K8,000 pa 5 Malichi. Zonse pamodzi ndi K24,000. Manambala a kudulidwa kulikonse ndawalemba m'munsimu monga mmene akuonekera pa sitetimenti.

"Ine sindinavomereze kuti ndalama zimenezi zidulidwe. Sindinagule inshuwalansi ku kampani imeneyi, sindinasaine fomu yolamula banki kuti izilipira, ndipo sindinatume munthu wina aliyense kuti achite zimenezi m'malo mwanga.

"Choncho ndikupempha kuti muimitse kudulaku lero lomwe, kuti pa 5 Epulo pasadzachokenso ndalama. Ndikupempha kuti mubweze K24,000 mu akaunti yanga, pamodzi ndi ndalama ina iliyonse imene banki inandilipiritsa chifukwa cha kudulaku. Ngati banki ikuona kuti ndinavomereza, ndikupempha kuti mundipatse fotokope ya fomu kapena umboni wina woonetsa pamene ndinavomereza.

"Ndikupempha kuti mundiyankhe polemba pasanathe masiku 14 kuchokera pa tsiku limene mwalandira kalatayi, ndiponso mundipatse nambala ya dandaulo langa. Ndaphatikiza fotokope ya sitetimenti, imene ndalembapo mzere pansi pa ndalama zitatuzi, ndi fotokope ya chiphaso changa cha unzika.

"Ine wanu,"

Ndiye asaina, n'kulemba dzina lawo pansi pa siginecha.

(Nyimbo pang'ono)

Ngati mwangotsegula wailesi yanu kumene, tikukambirana za kalata yopempha banki kuti ibweze ndalama zimene zadulidwa mu akaunti popanda chilolezo cha mwini wake. Tangomva kalatayo, ndipo tsopano tione chifukwa chake yalembedwa chomwecho.

Mwaona kuti kalatayi ndi yaifupi, yokwana tsamba limodzi. Mayiwa sanafotokoze za fizi ya mwana, za kukwera mtengo kwa thiransipoti, kapena za zaka zimene akhala akusunga ndalama ku bankiyi. Zonsezo ndi zoona, ndipo ndi zimene zikuwasowetsa tulo, koma wofufuza ku likulu sangagwiritse ntchito. Iye akufuna tsiku, kuchuluka kwa ndalama, ndi nambala ija ya pa sitetimenti. Akailowetsa mu kompyuta, kudulidwa kumeneko kumatulukira pomwepo, pamodzi ndi kumene ndalama inapita ndi amene anailamula. Mukalemba kuti "ndalama zanga zakhala zikusowa chaka chino", mwamupatsa ntchito yofufuza chaka chonse, ndipo kalata yanu ikhoza kuikidwa pambali kudikira tsiku limene adzapeze mpata. Pokopera nambala ija muchite mosamala, chilembo ndi chilembo, kenako muuze wina awerenge mokweza inu mukuyang'ana pa sitetimenti.

Ndime yachiwiri ndi imene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene makalata ambiri amafookera. Ife timaleredwa mwaulemu, ndipo polankhula ndi akuluakulu timazungulira. Ndiye munthu amalemba kuti, "Mwina pali kulakwitsa kwina, sindikudziwa bwinobwino, ngati n'kotheka mutandionerako." Ulemuwo ndi wabwino, koma m'mawu amenewa mulibe pamene mwakana. Wowerenga akhoza kungokuyankhani kuti ndalamazo zinapita ku inshuwalansi, nkhani n'kuthera pomwepo, chifukwa mwafunsa funso ndipo ayankha. Mayi athu alemba kuti, "Ine sindinavomereze." Ndi mawu aulemu, mulibe chipongwe, koma atseka khomo. Tsopano banki iyenera kusankha chimodzi: kuonetsa umboni kapena kubweza.

Mbali inayo, musalembe kuti ogwira ntchito ku banki ndi akuba, ndipo musatchule dzina la munthu kuti ndi amene wakuberani pamene mulibe umboni. Inu chimene mukudziwa motsimikiza n'chakuti simunavomereze. Lembani chomwecho basi. Komanso lembani zoona zokhazokha. Ngati mukukumbukira kuti tsiku lina munasaina mapepala osawawerenga, musalembe kuti simunasainepo chilichonse. Lembani kuti, "Palibe amene anandifotokozera za inshuwalansi imeneyi, ndipo sindinalandire pepala lililonse la inshuwalansiyo." Fomu ikadzatuluka ili ndi siginecha yanu, mawu anu adzakhalabe oona.

Onaninso ndondomeko ya zopempha. Choyamba mayiwa apempha kuti kudulaku kuime, kenako ndi pamene apempha kubweza. Kufufuza kumatenga nthawi, ndipo kompyuta siidziwa kuti pali dandaulo. Ngati palibe amene wailamula kuti ileke, pa 5 Epulo idzadulanso. Mabanki ena amafuna kuti mudzaze fomu yapadera yoimitsira kudula koteroko, choncho pokapereka kalata funsani kuti, "Kodi pali fomu ina yoti ndisaine kuti zisadzachokenso?" Musachoke pa kauntala musanamve yankho la funso limenelo.

Nanga mawu aja akuti "pamodzi ndi ndalama ina iliyonse imene banki inandilipiritsa chifukwa cha kudulaku" akutanthauzanji? Nthawi zina pa kudula kulikonse banki imatengapo kandalama kolipirira ntchitoyo. Nthawi zina kudulako kumatsitsa ndalama zanu kufika pansi pa mlingo umene akaunti iyenera kukhala nawo, ndiye pamabwera chilango. Mukapempha K24,000 yokha, akhoza kubweza K24,000 yokhayo, tindalama tinato n'kupita. Yang'anani pa sitetimenti mizere yoyandikana ndi kudulako, pa tsiku lomwelo kapena lotsatira.

Masiku 14 aja ndi amene mayiwa asankha okha ngati nthawi yokwanira. Ubwino wake ndi woti akudziwa tsiku lobwerera ku banki, ndipo banki ikudziwa kuti munthuyu akuwerenga masiku. Banki ikakuuzani kuti ndondomeko yawo imafuna nthawi yotalikirapo, pemphani kuti akuuzeni tsiku lenileni, mulilembe.

Pali chinthu chimodzi chimene sichiyenera kupezeka m'kalata imeneyi ngakhale pang'ono: nambala yanu yachinsinsi, ya khadi kapena ya pafoni. Kalata imadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Banki siifuna nambala imeneyo kuti ifufuze dandaulo lanu. Ndipo wina akakuimbirani foni mutapereka kalata, nati ndi wa ku banki, akufuna nambala yachinsinsi kapena nambala imene yangobwera pa uthenga kuti akubwezereni ndalama, dulani foniyo. Ameneyo ndi wakuba.

Za chilankhulo, lembani m'chilankhulo chimene mungafotokoze bwino nkhani yanu. Ogwira ntchito m'mabanki ndi ana athu omwe, Chichewa amachimva. Ngati mwana wanu kapena mphunzitsi wakulemberani m'Chingerezi, amasulire mzere uliwonse musanasaine. Siginecha ikhale yofanana ndi imene munapereka potsegula akaunti. Ngati munadinda chala, dindaninso chala, ndipo ndi bwino kukadindira ku banki komweko iwo akuona.

(Nyimbo pang'ono)

Kalata yalembedwa. Tsopano tipite nayo ku banki, chifukwa kaperekedwe kake n'kofunika ngati kalembedwe kake.

Mayi athu achita fotokope ya kalatayo, ndiye ali ndi makalata awiri ofanana. Afika pa tebulo lothandizira makasitomala, apereka onse awiri, nati, "Chonde mundidindire pa inayi, ndipite nayo." Wa ku banki atenga chidindo, adinda pakona ya pepala, pakuoneka dzina la banki ndi tsiku, ndiye asaina pambali pake. Kapepala kodindidwa kameneko ndi umboni woti banki inalandira dandaulo pa tsiku limenelo. Mayiwa akakasunga m'pulasitiki pamodzi ndi sitetimenti yeniyeni, chifukwa ku banki asiya mafotokope okha. Ndikubwereza: musapereke mapepala anu enieni, ndipo musachoke opanda chidindo. Mukatumiza pa imelo, sungani uthenga umene mwatumizawo ndi yankho lililonse. Ndipo ngakhale mtima ukuwawa, musathamangire kutseka akaunti nkhani isanathe, chifukwa ndalama zobwezedwa zimafuna pofikira.

Tsopano yankho likhoza kubwera m'njira zosiyana. Ikhoza kupezeka nambala ya akaunti imene inalembedwa molakwika, kapena fomu ya siginecha yachilendo. Pamenepo ndalama ziyenera kubwezedwa. Musangokhulupirira mawu akuti tabweza. Onani pa sitetimenti yatsopano, pa mzere uja wa Credit, ngati zonse zalowa, ndipo tsiku limene amadula lija likafika muonenso ngati kudulako kwaimadi.

Mwinanso akuonetsani fomu, inu n'kuona kuti siginechayo ndi yanudi. Pamenepo nkhani yasintha. Kubweza ndalama zakale kumavuta, ngakhale muli ndi ufulu wodandaula ngati anakugulitsani chinthu osakufotokozerani. Chimene mungachite mwachangu ndi kulemba kalata ina yothetsa inshuwalansiyo ndi kuimitsa kudulako, mutafunsa kaye kuti mukathetsa mutaya chiyani.

Yankho lina limene anthu amakumana nalo ndi lakuti, "Ife tinangotumiza, pitani ku kampani ya inshuwalansiyo." Ku kampaniyo lembaniko ndithu, kalata yofanana ndi yoyamba ija. Koma musachotse dandaulo lanu ku banki. Ndalama munasungitsa ku banki, ndipo ndi banki imene inazitulutsa. Funso loti inatulutsa ndi chilolezo cha yani likadali lawo. Pemphani kuti yankho lawolo alilembe.

Ndinene mwachidule za mitundu ina iwiri ya kudulidwa, chifukwa kalata yake ndi yomweyi, kungosintha pang'ono. Mukatapa pa makina a ATM, makina osatulutsa ndalama koma mu akaunti n'kuchoka, lembani malo a makinawo, tsiku, ndi nthawi yake, ndipo sungani kalisiti ngati katuluka. Nthawi zina ndalama zimabwerera zokha pakapita kanthawi. Zikapanda kubwerera, dandaulo lipite ku banki yanu, ngakhale makinawo ali a banki ina. Mabanki a m'dziko muno amalumikizana kudzera pa National Switch, ndipo ndi banki yanu imene imalondola nkhaniyo ku banki inzake. Makina amasunga mbiri ya zimene atulutsa, ndipo akawerenga ndalama zotsala m'makinawo zanu zija zimapezeka.

Koma mukaona kuti ndalama zasamutsidwa kupita ku nambala ya foni kapena akaunti yosadziwika, kapena foni yanu yangosiya kugwira netiweki mwadzidzidzi ndalama n'kuyamba kuchoka, apo kalata isayambe. Imbani foni ku banki nthawi yomweyo pa nambala imene ili kumbuyo kwa khadi yanu kuti atseke khadi ndi njira ya pafoni, kapena thamangirani ku nthambi. Kanenaninso ku polisi. Kalata ibwere pambuyo, ndipo mulembemo tsiku ndi nthawi imene munadziwitsa banki. Ndikuuzeni zoona: ngati munapereka nokha nambala yachinsinsi kwa wokunamizani, banki kawirikawiri imakana kubweza. Lembanibe, mufotokoze zimene zinachitika mosabisa, chifukwa mukafulumira nthawi zina ndalama zimagwidwa zisanatapidwe kumene zapitako.

Tibwerere kwa mayi athu. Tiyerekeze kuti masiku 14 atha, kuli zii. Apita ndi kalata yodindidwa ija, nalemba ina yaifupi yokumbutsa, yotchula tsiku la kalata yoyamba ndi nambala ya dandaulo. Iyi aitumiza ku ofesi yoona za madandaulo ku likulu la bankiyo. Banki iliyonse imayenera kukhala ndi ndondomeko yolandira ndi kuyankha madandaulo a makasitomala, ndipo muli ndi ufulu wofunsa kuti ndondomekoyo ikuti chiyani.

Zikakanikabe, pali khomo lina. Banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, ndi imene imayang'anira mabanki onse. Malinga ndi lamulo la ntchito za ndalama la chaka cha 2010, Gavanala wa banki yaikuluyi ndi amenenso ali mlembi wamkulu woyang'anira mabungwe a za ndalama, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a anthu wamba. Likulu lake lili ku Lilongwe, ndipo ili ndi nthambi ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Kwa mayi athuwa pali mwayi wina: ofesi yomweyi imayang'aniranso makampani a inshuwalansi, ndiye ngati banki ndi kampani zikuponyerana nkhani, onse awiri amayankha kumalo amodzi. Koma kumeneko adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula ku banki yanu. Umboni wake ndi uti? Ndi kalata ija ya chidindo, sitetimenti yolembedwa mizere, ndi yankho la banki ngati linabwera. Mfundo yathu ija ikugwiranso ntchito pano: tsiku, kuchuluka kwa ndalama, mawu akuti sindinavomereze, ndi pempho loti aonetse umboni kapena abweze.

Nthawi yathu yatha, koma ndikusiyireni funso loti mukambirane pakhomopo madzulo ano. Kodi sitetimenti ya akaunti yanu munaiwerenga komaliza liti, mzere ndi mzere? Ndipo pa ndalama zonse zimene zinatuluka mwezi wathawu, kodi iliyonse mungaifotokoze kumene inapita? Ngati pali imodzi imene simukuidziwa, lembani tsiku lake ndi nambala yake lero, mawa mukafunse ku banki.

(Nyimbo yotsekera)